Kusintha Foda ya Zithunzi za HEIC Kukhala JPEG: Njira Iti Imasunga Ubwino ndi Madeti Enieni?

Amalume anga akumanga nyumba ku Chalala, ndipo kuyambira Meyi 2022 akhala akujambula chilichonse ndi iPhone 12 yawo: maziko akukumbidwa, galimoto ikutsitsa mchenga, matumba a simenti ali mulu, malisiti a ku Kamwala atayalidwa pa tebulo. Pamene panabuka kusamvana ndi mmisiri pa nkhani yoti malata anafika liti ndiponso denga linakhomedwa mwezi uti, zithunzi zimenezi ndi zomwe zikanathetsa mkangano. Koma makina a pamalo osindikizira zithunzi anakana kuzitsegula chifukwa zinali za mtundu wa HEIC, ndipo mwana wawo atazisintha kukhala JPEG pa tsamba lina la pa intaneti, zonse zinabwerera zikusonyeza tsiku limodzi, tsiku lomwe anazisinthalo. Anandiimbira foni madzulo amenewo n'kunena kuti, "Mphwanga, zithunzi zonse zikuti ndinamanga nyumba yonse Lachiwiri lapitali." Mwayi unali woti zithunzi zoyambirira za HEIC zinali zikadalipo, choncho tinayambiranso, ndipo zimene ndikulemba panozi ndi zomwe ndinaona poyesa njira zosiyanasiyana pa foda yomweyo.

Tisanayerekeze njira, pafunika kumvetsa kuti chithunzi chilichonse chili ndi madeti a mitundu iwiri, chifukwa chisokonezo chachikulu chimachokera pamenepa. Deti loyamba limalembedwa ndi kamera mkati mwa fayilo momwemo, m'gawo lotchedwa EXIF, pa dzina lakuti DateTimeOriginal, ndipo limayenda ndi chithunzicho kulikonse kumene chapita malinga ngati palibe pulogalamu yomwe yalifufuta. Pa Windows deti limeneli ndi lomwe limaoneka pa mzere wa Date taken. Deti lachiwiri ndi la kompyuta: Date modified ndi Date created, zomwe zimangonena nthawi imene fayiloyo inalembedwa kapena kuikidwa pa disiki. Mukasintha HEIC kukhala JPEG mumapanga fayilo yatsopano, choncho n'zosadabwitsa kuti deti la kompyuta limakhala la lero. Zikatere anthu ambiri amaganiza kuti madeti atayika, pomwe nthawi zambiri deti lenileni likadali mkati ndipo foda yangosanjidwa potsatira deti lolakwika. Vuto lenileni limakhalapo pamene pulogalamu yafufuta EXIF, ndipo izi ndi zomwe tsamba lija linachita. Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta: dinani chithunzi ndi batani la kumanja, sankhani Properties kenako Details, ndipo ngati Date taken ili ndi deti lakale ndiye kuti palibe chatayika, koma ngati mulibe kanthu muyenera kubwerera ku HEIC yoyambirira.

Nkhani ya ubwino wa chithunzi nayonso ili ndi malire ake amene ndi bwino kuwavomereza pachiyambi. Kampani ya Apple inayamba kugwiritsa ntchito HEIC mu 2017 ndi iOS 11, pa iPhone 7 ndi mafoni obwera pambuyo pake, chifukwa kapanikizidwe kake ka HEVC kamasunga chithunzi chooneka mofanana pa malo ochepa, pafupifupi theka la omwe JPEG imafuna. HEIC imataya kale zina pojambula, ndipo JPEG imatayanso zina posintha, kotero palibe njira yosinthira popanda kutaya kalikonse. Chomwe tingachite ndi kuchepetsa zotayikazo mpaka diso lisazione. Mapulogalamu ambiri amakufunsani nambala ya Quality kuyambira 1 mpaka 100, ndipo ine ndimasankha 92. Pa foda ya amalume, zithunzi za HEIC 602 zinali pafupifupi magigabayiti 1.3, pa 92 zinakwana magigabayiti 2.3, ndipo pa 100 zinaposa magigabayiti 5 popanda kusiyana kulikonse komwe ndinakuona ngakhale nditakulitsa zilembo za pa lisiti. Pa 75 fayilo imachepa kwambiri, koma timadontho timayamba kuoneka m'mphepete mwa zilembo ndipo thambo limaoneka ngati lagawika mizeremizere. Onetsetsaninso kuti kukula kwa chithunzi sikunasinthe: cha iPhone 12 chimakhala mapikiseli 4032 ndi 3024, ndipo chikatuluka chili ndi 1600 kapena 2048 mbali yaitali ndiye kuti pulogalamu yachichepetsa.

Kulola foni kusintha yokha

Njira yoyamba sifuna pulogalamu ina iliyonse. Pa iPhone, mukalowa mu Settings, kenako Photos, yomwe kuyambira pa iOS 18 ili mkati mwa Apps, pansi pali gawo la Transfer to Mac or PC lomwe lili ndi zosankha ziwiri, Automatic ndi Keep Originals. Mukasiya pa Automatic n'kulumikiza foni ku kompyuta ya Windows ndi chingwe, foni imasintha zithunzi kukhala JPEG pamene zikukopedwa, ndipo EXIF imakhala yonse. Kwa munthu amene ali ndi zithunzi 30 zokha, iyi ndi njira yabwino. Koma simungasankhe Quality, ndipo pa foda yaikulu, makamaka ngati muli mavidiyo, kukopako kumakonda kuduka pakati ndi uthenga wakuti A device attached to the system is not functioning, chifukwa foni imakhala ikusintha ndi kutumiza nthawi imodzi. Ikaduka, kudziwa pomwe inalekezera n'kovuta. Choncho ine ndimasankha Keep Originals, ndimakopera HEIC zonse pa kompyuta kaye, ndipo kusintha ndimakuchita pambuyo pake, zomwe zimandipatsanso kope lachiwiri la zithunzi zoyambirira. Ngati foni ili pa Optimize iPhone Storage, zithunzi zina zathunthu zimakhala ku iCloud osati m'foni, ndipo zimayenera kutsitsidwa kaye, ntchito imene ndi bwino kuichitira pa Wi-Fi.

Masamba a pa intaneti sindikuwalimbikitsa pa ntchito iyi, ndipo zifukwa zake n'zachidule. Foda ya amalume ikanafuna kukweza magigabayiti 1.3 ndi kutsitsa ena oposa 2, zomwe ndi bandulo yonse ya pamwezi kwa anthu ambiri muno mu Lusaka. Masamba ena amafufuta EXIF kapena kuchepetsa chithunzi osakuuzani. Komanso chithunzi cha foni chimakhala ndi malo a GPS pomwe chinajambulidwa, kutanthauza kuti mukupereka kwa anthu osawadziwa malo enieni a nyumba yanu pamodzi ndi malisiti anu.

Pulogalamu ya pa kompyuta yosintha zambiri nthawi imodzi

Kwa anthu ambiri a Windows, njira yomwe ndikuona kuti ndi yoyenera ndi XnConvert. Ndi yaulere pa ntchito za pakhomo ndi za maphunziro, koma amene ali ndi situdiyo yochita malonda ayenera kugula chilolezo. Mukaitsegula mumaponya foda yonse pa tsamba la Input, kenako mumapita pa Output, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Sankhani foda ina yolandirira zithunzi zatsopano, osati yomweyo ya HEIC. Ikani Format pa JPG ndipo mu Settings ikani Quality pa 92. Kenako chongani Preserve Metadata, Preserve color profile ndi Keep original date/time attributes. Malo olembedwa Delete original musawakhudze.

Chosankha chachitatucho chimafunika kuchimvetsa bwino, chifukwa chimanyenga. Chimakopera deti la kompyuta la fayilo ya HEIC n'kuliika pa JPEG, osati deti la kamera. Ngati HEIC zanu zinachokera ku foni pa chingwe, nthawi zambiri madeti awiriwa amafanana ndipo zonse zimatuluka bwino. Koma ngati zinatsitsidwa pa intaneti kapena zinadutsa pa imelo, deti lawo la kompyuta lingakhale litasintha kale, ndipo pulogalamuyo idzakopera mokhulupirika deti lolakwikalo. Pa foda ya amalume zithunzi za miyezi yoyamba zinali zotere, chifukwa anazisunga pa intaneti pamene foni inadzaza, ndipo zinafunika kukonzedwa ndi njira imene ndiifotokoza kumapeto.

Chosankha cha mitundu nachonso si chongokongoletsa. Kuyambira pa iPhone 7 zithunzi zimajambulidwa m'mitundu ya Display P3, yomwe ndi yotakata kuposa sRGB imene makina ambiri amayembekezera. Mkati mwa fayilo mumakhala kachidziwitso kouza pulogalamu mmene iwerengere mitunduyo, ndipo kakachotsedwa, chithunzi chimaoneka chofwifwa: dothi lofiira limaoneka lotuwa, ndipo chitenje chowala chimaoneka ngati chachapidwa kambirimbiri. Mukaona kuti JPEG ndi yofooka mitundu poyerekeza ndi HEIC, musathamangire kukweza Quality, chifukwa vuto silili pamenepo. Ngati zithunzi mukupita nazo kokasindikiza, ndi bwino kuzisintha kukhala sRGB, zomwe XnConvert imachita mukawonjezera ICC convert pa tsamba la Actions, popeza makina ena osindikizira sawerenga kachidziwitso kaja ngakhale kakhalepo.

Amene ali ndi Mac ntchito yawo ndi yopepuka. Kuyambira pa macOS Monterey ya mu 2021, mukasankha zithunzi zonse mu Finder n'kudina batani la kumanja, mu Quick Actions muli Convert Image. Sankhani JPEG, ikani Image Size pa Actual Size, ndipo chongani Preserve Metadata. EXIF ndi mitundu zimasungika, koma simupatsidwa mwayi wosankha Quality, mafayilo atsopano amaikidwa m'foda yomweyo, ndipo deti la kompyuta limakhala la lero.

Kulemba malamulo

Njira iyi imaopsa anthu chifukwa cha zenera lakuda lolembapo malamulo, lomwe pa Windows limatchedwa Command Prompt, koma ndi yomwe imakupatsani ulamuliro wonse, ndipo malamulo ake ndi ochepa. Mukaika pulogalamu yosintha zithunzi ya ImageMagick 7 n'kutsegula zeneralo muli m'foda ya zithunzi, mumalemba mizere iwiri:

```
mkdir zatsopano
magick mogrify -path zatsopano -format jpg -quality 92 *.HEIC
```

Mzere woyamba umapanga foda yolandirira, ndipo wachiwiri umasintha chithunzi chilichonse n'kuchiika mmenemo popanda kukhudza HEIC. EXIF ndi kachidziwitso ka mitundu zimapita nawo, pokhapokha mutawonjezera -strip, lomwe malangizo ambiri okonzera zithunzi za pa intaneti amalimbikitsa koma lomwe pa ntchito yathuyi ndi loononga. Nambala ya 92 ili ndi chifukwa china pano: ImageMagick ikapatsidwa Quality yochepera 90 imachepetsa tsatanetsatane wa mitundu, pomwe pa 90 kupita m'mwamba imausunga wonse, ndipo kusiyanaku kumaonekera pa zilembo zofiira kapena zabuluu za pa lisiti. Pa Linux zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'zosiyana, choncho ngati mafayilo ena akuthera ndi .heic muyenera kubwereza lamulolo ndi zilembo zazing'ono, apo ayi adzatsala osasinthidwa ndipo palibe chomwe chidzakuchenjezeni.

Poyerekeza ndi XnConvert, zotuluka zake sizisiyana kwenikweni. Ubwino wa malamulo ndi woti mukhoza kuwasunga n'kuwabwereza mwezi wamawa chimodzimodzi popanda kuiwala kuchonga kena kake. Kuipa kwake ndi koti madeti onse a kompyuta amakhala a lero, koma izi n'zosadetsa nkhawa chifukwa sitepe yotsatirayi imakonza zimenezo pa njira zonse.

Kubwezeretsa madeti

ExifTool ndi pulogalamu yaulere yolembedwa ndi Phil Harvey, ndipo siisintha zithunzi kukhala mtundu wina. Ntchito yake ndi kuwerenga ndi kulemba zomwe zili mkati mwa fayilo. Pa Windows imabwera ndi dzina lakuti exiftool(-k).exe, lomwe muyenera kulisintha kukhala exiftool.exe kuti igwire ntchito pa zenera la malamulo. Ndisanakonze chilichonse ndimayamba ndaona madeti onse a chithunzi chimodzi:

```
exiftool -time:all -a -G1 -s zatsopano/IMG_2417.jpg
```

Pa chithunzi cha malata a amalume, DateTimeOriginal inasonyeza 14 Seputembala 2023 nthawi ya 10:42 m'mawa, pomwe FileModifyDate inasonyeza tsiku lomwe tinali kugwira ntchitoyo. Izi zinatsimikizira kuti deti lenileni lilipo, ndipo chotsala chinali kulikopera kunja kuti kompyuta nayonso izilionetsa:

```
exiftool "-FileModifyDate<DateTimeOriginal" "-FileCreateDate<DateTimeOriginal" zatsopano
```

Lamuloli silikhudza chithunzi chenichenicho, choncho ubwino wake sutsika, ndipo pa zithunzi mazana angapo limatha mofulumira. Pa Linux chotsani gawo la FileCreateDate. Dziwani kuti DateTimeOriginal imangolemba nthawi yomwe wotchi ya foni inkasonyeza, ndipo ExifTool imaitenga ngati nthawi ya dera limene kompyuta ili. Zithunzi za ku Chipata, Lilongwe kapena Harare zilibe vuto chifukwa nthawi yawo ndi yofanana ndi ya Lusaka, koma za ku Dar es Salaam zidzasonyeza nthawi ya kumeneko, yomwe ili patsogolo ndi ola limodzi.

Ngakhale zitatere, deti la kompyuta ndi losalimba. Mukakopera foda pa fulashi, Windows imasunga Date modified koma Date created imasanduka ya nthawi yokoperayo, ndipo mukatumiza chithunzi pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse EXIF imachotsedwa ndipo chithunzicho chimapanikizidwanso, pokhapokha mutachitumiza ngati Document. Chifukwa cha ichi, pa zithunzi zomwe deti lake ndi umboni, ndimaika detilo m'dzina la fayilo, pomwe munthu aliyense angaliwerenge popanda kutsegula kalikonse:

```
exiftool "-FileName<DateTimeOriginal" -d "%Y-%m-%d_%H%M%S%%-c.%%e" zatsopano
```

Chithunzi cha malata chija chinasanduka 2023-09-14_104207.jpg, ndipo foda ikasanjidwa potsatira maina imakhala yasanjidwanso potsatira nthawi. Kachidutswa ka %%-c kamawonjezera nambala ngati zithunzi ziwiri zinajambulidwa pa sekondi imodzi, kuti china chisakanidwe chifukwa chofanana dzina ndi chinzake. Sitepe imeneyi ikhale yomaliza, chifukwa maina akasintha, kulunzanitsa JPEG ndi HEIC yake kumavuta.

Kulunzanitsako kumafunika ngati muli kale ndi JPEG zopanda EXIF koma HEIC zake zikadalipo ndi maina ofanana. Mukhoza kukopera zamkati kuchokera ku HEIC popanda kusinthanso zithunzi:

```
exiftool -tagsFromFile %d../%f.HEIC -all:all --Orientation -ext jpg zatsopano
```

Gawo la --Orientation ndi lofunika kwambiri. Pulogalamu yosintha imakhala itaimika kale chithunzi chomwe chinajambulidwa foni ili chilili, ndipo mukakoperanso chizindikiro chouza kompyuta kuti ichitembenuze, chimatembenuzidwa kachiwiri n'kuoneka chogona chammbali. Lamuloli limasiya mafayilo akale othera ndi _original, amene mungawafufute mutatsimikiza kuti zonse zili bwino. Komabe silibwezeretsa ubwino: ngati JPEG zija zinachepetsedwa, n'kwanzeru kuzitaya n'kusinthanso kuchokera ku HEIC, monga mmene ife tinachitira.

Pali zinthu zina m'foda ya iPhone zomwe si HEIC, ndipo zimasokoneza powerenga. Mwa mafayilo 640 a zithunzi omwe amalume anandipatsa, 602 okha ndi omwe anali HEIC. 38 anali JPEG kale, zithunzi zomwe anthu ena anawatumizira pa mauthenga, ndipo zimenezi tinangozikopera osazisintha, chifukwa kusunganso JPEG ngati JPEG kumangotsitsa ubwino pachabe. Zinalibenso DateTimeOriginal, zomwe ndinazidziwa ndi lamulo ili, lolembedwa pa Command Prompt ndisanasinthe maina:

```
exiftool -if "not $DateTimeOriginal" -p "$FileName" zatsopano
```

Pa Mac, Linux ndi PowerShell zizindikiro zogwira mawu zikhale za kamzere kamodzi. Madeti a zithunzi 38 zimenezi tinawapeza poyang'ana m'mauthenga momwe zinabwerera, ndipo tinaziika m'foda yapadera, chifukwa deti lolandirira chithunzi si deti lojambulira. Mudzaonanso mafayilo a .MOV okhala ndi dzina lofanana ndi la chithunzi, omwe ndi kavidiyo ka Live Photo, ndiponso a .AAE omwe amasunga zomwe munakonza pa foni, monga kudula kapena kuwalitsa. Ngati chithunzi munachikonza, fufuzani fayilo yoyamba ndi IMG_E, chifukwa yopanda E ndi chithunzi chisanakonzedwe. Zina zomwe HEIC imasunga, monga chidziwitso cha kuya kwa chithunzi cha Portrait ndi kuwala kowonjezera kwa HDR, nthawi zambiri sizipita mu JPEG yosinthidwa ndi mapulogalamu awa, ndipo ichi ndi chifukwa chokwanira chosafufutira HEIC ngakhale ntchito itayenda bwino.

Pomaliza ntchito muyenera kuwerenga, makamaka muno momwe magetsi amatha kuzima ntchito ili pakati. Kompyuta ya pa desiki ikazima ikusintha, fayilo yomaliza imatsala yosatha, ndipo imadziwika ndi kuchepa kwake kapena ndi mbali ya pansi yotuwa mukaitsegula. Fananizani chiwerengero cha JPEG ndi cha HEIC, sanjani foda potsatira kukula kuti muone tochepa modabwitsa, kenako tsegulani zithunzi zingapo, china choimirira, china chogona, china chokhala ndi zilembo, n'kuzikulitsa pa 100% moyandikana ndi HEIC zake.

Kwa munthu wa Windows amene safuna malamulo, ndingamuuze kuti akopere ndi Keep Originals, asinthe ndi XnConvert pa 92 atachonga zosankha zitatu zija, ndipo asanje foda potsatira Date taken. Zimenezi n'zokwanira pa zithunzi za ukwati kapena za chilanga mulilo. Koma ngati deti liyenera kuonekera kwa munthu wina pa kompyuta ina, ExifTool ilibe cholowa m'malo mwake, ndipo ndi bwino kuphunzira malamulo awiri aja, lokonza deti ndi loika deti m'dzina. Amalume anapita ku msonkhano wawo ndi fulashi yokhala ndi zithunzi zosanjidwa mwezi ndi mwezi, ndipo 24 mwa izo anazisindikiza n'kulemba deti kumbuyo kwa chilichonse pokopera pa dzina la fayilo. Kuti vutoli lisabwerenso pa zithunzi zotsala za pulasitala ndi mazenera, tinalowa mu Settings, Camera, Formats n'kusankha Most Compatible, kuti foni izijambula JPEG kuyambira pachiyambi, ngakhale kuti tsopano idzadzaza msanga kuposa kale.